WhatsApp ikukana pa foni yakale ya amayi, ndithandizeni tisanawononge ndalama

Chisomo_wa25
Abale, ndabwera ndi vuto. Foni ya amayi anga inabedwa Lolemba m'minibasi pochokera m'tauni kubwera ku Area 25. Simu khadi tinakatenga ina ya nambala yomweyo, ili bwino. Ndalama ya foni yatsopano palibe mpaka mwina mwezi wamawa, ndiye tafukula m'sutikesi kafoni kamene ankagwiritsa ntchito kale, ka Samsung Galaxy J1. Kakuyaka, kuimba kakuimba, koma WhatsApp sikutseguka. Ikunena kuti yatha nthawi, tipite ku Play Store. Ku Play Store nako akulemba kuti `Your device isn't compatible with this version`. Amayi amagulitsa zitenje ndipo makasitomala awo amawapeza pa WhatsApp, komanso gulu la banki m'khonde ndi la Mvano zonse zili komweko. Mnyamata wina wokonza mafoni wati tibweretse K8,000 aiflashe. Ndipite nayo? China chimene chikundiopsa n'chakuti m'kafonimo muli mavoisi a malemu bambo anga, amene ankatumizira amayi ali kuchipatala. Amenewo sindikufuna atayike.

Mfana_wa_Biwi
Asisi musavutike. Ikani GB WhatsApp, imalowa pa foni iliyonse. Ine ndili nayo, ndikutumizireni pa Bluetooth tikakumana.

NaBanda_Kawale
Pepani ndi kubedwako. Masiku ano m'minibasi foni osaika m'thumba la m'mbali. Koma mwayesa kuwonjezera bando? Yanga inkakananso kutsegula, ndinangogula bando ya mlungu zonse n'kuyenda.

Chisomo_wa25
Zikomo amayi a ku Kawale. Bando ilimo, ndayesanso pa Wi-Fi ya kuntchito, n'chimodzimodzi.

Wa_Malangalanga
Achemwali, choyamba musapereke foniyo kwa munthu aliyense mpaka titamaliza kukambirana za mavoisiwo. Ndimakonza mafoni, ndipo ndikudziwa kuti kuflasha nthawi zambiri kumafufuta zonse za m'kati.

Tsopano tione kaye matenda ake. Lowani mu `Settings`, tsikani mpaka pansi pa `About device`, mundiuze zimene zalembedwa pa `Model number` ndi pa `Android version`. Ndikufunsa chifukwa uthenga wakuti WhatsApp yatha nthawi umabwera pa mavuto awiri osiyana. Pena foni imakhala yabwinobwino, kungoti mwini wake watha miyezi osaika apudeti, ndipo pamenepo kudina `Update` kumathetsa nkhani. Pena Android ya foniyo ndi imene yatsalira, moti apudeti yake kulibenso. Mawu a ku Play Store amene mwalembawo akuloza ku vuto lachiwirili, koma tiyeni titsimikize.

Chisomo_wa25
Yalemba `SM-J100H`, ndipo Android ndi `4.4.4`. Ndadinanso `Software update`, yafufuza n'kunena kuti ili kale ndi yatsopano.

Wa_Malangalanga
Basi, nkhani yake ndi imeneyo. Android 4.4 ndi ija ankaitcha KitKat, inatuluka mu 2013. WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa Android 4 yonse kuyambira pa 24 Okotobala 2023, ndipo kuyambira pamenepo yotsikitsitsa inakhala Android 5.0. J1 yanuyo ndi ya 2015, inabwera ndi 4.4.4 ndipo Samsung sinaitulutsire Android 5. Ndiye foni ikamati ili kale ndi yatsopano sikunama, ikutanthauza kuti yafika pamene inathera.

Kuflasha kumene wanena mnyamatayo n'kuthiramo mwatsopano sofutiweya yochokera kufakitale. Kumathandiza foni imene ikukakamira pa chizindikiro poyaka, kapena yodzaza ndi tizilombo. Koma sofutiweya ya J100H imene angaipeze ndi ya 4.4.4 yomweyo. Mupereka K8,000, akubwezerani foni yoyera ngati yatsopano, Android yomweyo, WhatsApp ikukanabe, mavoisi a madala atapita. Mwina mnyamatayo sakufuna kukuberani, ambiri amaflasha asanaone n'komwe nambala ya Android. Koma musapite nayo.

Mfana_wa_Biwi
Akulu, n'chifukwa chake ndikunena za GB. Kapena angodawuniloda APK, fayilo yoikira WhatsApp, pa intaneti, osadzera ku Play Store. Play Store ndi imene imatsekereza, foni payokha siikana.

Wa_Malangalanga
Achimwene, pamenepo mwalondola theka. N'zoona kuti nthawi zina Play Store imakana koma APK n'kulowa. Koma m'kati mwa APK iliyonse munalembedwa Android yotsikitsitsa imene ingailandire, ndipo foni imawerenga zimenezo isanayambe kuika. Mukapatsa KitKat APK ya WhatsApp ya lero, imangotulutsa `Parse error`. Mukafuna APK yakale, ya 2023, imeneyo ilowa bwino, koma mukaitsegula ikuuzani zomwe zija, kuti yatha nthawi, chifukwa WhatsApp iliyonse imakhala ndi tsiku lake lothera. Yatsopano siilowa, yakale siitseguka. Mpata pakati pake palibe.

GB nayo ndi WhatsApp yomweyo imene anthu osadziwika anaiphwasula n'kuisokanso. Ikapangidwa kuchokera pa yatsopano, pa 4.4.4 siilowa. Ndipo ngakhale italowa, nambala ya amayi ndi ya bizinesi, sindingaiike pamenepo.

Mphunzitsi_Likuni
Ndiikire umboni pa GB. Ndinali nayo pafupifupi chaka chifukwa chofuna kuona mauthenga amene anthu afufuta. Tsiku lina m'mawa inangonditulutsa, n'kulemba `You need the official WhatsApp to log in`. Ndinaika yeniyeni, inandilola patapita nthawi, koma zokambirana zonse za makolo a ana a kalasi yanga zinatsala ku GB kuja. Mlandu ndi wanga, ndinaika ndekha. Achemwali a ku 25, musayese pa nambala ya amayi.

Mfana_wa_Biwi
Aphunzitsi, inu munali ndi tsoka chabe. Yanga chaka chachiwiri ichi.

Mphunzitsi_Likuni
Yanunso ndi nambala yanu, achimwene. Apa tikunena nambala imene mayi amadyetsera banja.

Tadala_IT
Pali njira ina imene palibe wainena. Bwezani deti la foni m'mbuyo, mwachitsanzo ku Seputembala 2023. WhatsApp imaona deti la pafoni pofuna kudziwa ngati yatha nthawi. Ndinachitapo pa foni ya agogo ndipo inatseguka.

Wa_Malangalanga
A Tadala, inatseguka inde, koma munatumiza uthenga n'kufika?

Tadala_IT
Kunena zoona ayi. Tinali titazimitsa data, tinkangofuna kuwerenga mauthenga akale ndi kulemba manambala a anthu. Titayatsa data inayamba kudandaula kuti deti la foni ndi lolakwika.

Wa_Malangalanga
Ndi pamene imathera njira imeneyo. Mumanyenga foni, koma makompyuta a WhatsApp ali ndi wotchi yawo ndipo amaona kuti amene akugogodayu ndi wakale. Ili ndi ntchito imodzi yokha, yomwe mwanenayo: foni ili pa `Flight mode`, mutsegule muwerenge zakale. Kwa achemwaliwa mwinanso siingatheke, chifukwa nambala ya amayi inasamukira ku foni imene yabedwayo, ndiye J1 iyenera kuti inatulutsidwa kalekale ndipo ingokufunsani nambala. Mukayesa n'kuona ikufunsa nambala, tulukani, musadine china.

Bambo_a_Tiya
Koma abale, ine chimandiwawa n'chakuti foni ikuyaka, batire lili bwino, galasi losasweka, koma akuti itayidwe. Kuno munthu amasunga ndalama miyezi itatu kuti agule foni. Amene amapanga malamulo amenewa amasintha foni chaka ndi chaka, sadziwa za ife. Uthenga ndi uthenga, unkapita mu 2020, lero walemera chiyani?

Tadala_IT
Madala, kuwawako n'koona, koma palinso chifukwa. Foni ya KitKat inasiya kalekale kulandira zotseka mabowo a chitetezo, ndipo Google nayo inasiya kuitumizira maapudeti a Play Services mu Ogasiti 2023. Opanga pulogalamu akamawonjezera zinthu amadalira zida zimene zili mu Android yatsopano. Amaona kuti otsalira ndi ochepa pa dziko lonse, n'kuwasiya.

Bambo_a_Tiya
Ochepa pa dziko lonse, koma ochuluka ku Mtandire ndi kwa Chinsapo. Akanasiya kamtundu kena kopepuka, kongolemba ndi kutumiza mawu basi. Ife masitika sitikuwafuna.

NaBanda_Kawale
Apo mwanena, bambo a Tiya. Apongozi anga ku Mitundu ankalankhula ndi mwana wawo wa ku Joni pa kafoni kamabatani kokhala ndi WhatsApp, nakonso kanasiya. Pano amachita kuyenda kukabwereka kwa aphunzitsi a pasukulu.

Mjoni_Kempton
Ifenso kuno zimatipweteka. Ndinatumizira mlongo wanga iPhone 6 ndi munthu wa basi, ndikuti ndamuthandiza. Sipanapite nthawi, WhatsApp n'kusiya. Ndiye ndifunse, iPhone nayo ingakonzedwe? Ija ndi foni yodula, si J1.

Wa_Malangalanga
Achimwene a ku Joni, kudula sikuwerengedwa pamenepa. Mu 2025 WhatsApp inayamba kufuna iOS 15.1 kupita m'tsogolo. iPhone 5s, 6 ndi 6 Plus zinathera pa iOS 12, ndiye zinagwa zonse. Ya 6s imafika pa iOS 15, n'chifukwa chake inapulumuka pa ulendo umenewo. Zimafanana kwambiri pa maonekedwe, moti anthu agulitsidwa 6 akuganiza kuti ndi 6s. Ya 6s ili ndi chilembo S kumbuyo.

Chisomo_wa25
Ndamva, kuflasha ndasiya, GB ndasiya. Koma tibwerere ku mavoisi a bambo chonde. Usiku sindinagone. Amayi sanawamvetserenso chichokereni maliro, amati sanakonzeke, koma amadziwa kuti alimo. Ngati WhatsApp sikutseguka, ndiye kuti apita?

Wa_Malangalanga
Sanapite, ngati palibe amene anafufuta. Mavoisi ndi zithunzi za WhatsApp zimakhala ngati mafayilo wamba m'foni, ndipo mungawapeze osatsegula WhatsApp n'komwe. Tsegulani `My Files`, lowani mu `Device storage`, mupeza foda yolembedwa `WhatsApp`. M'kati mwake malo ofunika ndi awa:

```
WhatsApp/Media/WhatsApp Voice Notes
WhatsApp/Media/WhatsApp Images
WhatsApp/Databases
```

Mu `WhatsApp Voice Notes` mupeza mafoda a manambala, monga `202311`. Manambala anayi oyamba ndi chaka, awiri otsiriza ndi mlungu wa chakacho, osati mwezi. Anthu amasokonezeka pamenepa. `202311` ndi mlungu wa 11 wa 2023, cha pakati pa Malichi, osati Novembala. M'kati mwake muli mafayilo a maina ngati awa:

```
PTT-20230314-WA0002.opus
```

Deti lili m'dzinamo, apa ndi 14 Malichi 2023. Dzina la wotumiza mulibe, ndiye mudzafufuza potengera masiku amene madala anali kuchipatala.

Musasankhe fayilo imodziimodzi. Koperani foda yonse ya `WhatsApp` momwe ilili. Njira yosavuta ndi memore khadi: ilowetseni, gwirani chala pa fodayo, sankhani `Copy`, osati `Move`, muiike pa khadi. Kenako mukoperenso pa laputopu kapena pa flashi kuti zikhale malo awiri. Ngati mukugwiritsa ntchito chingwe cha USB ndipo laputopu sikuiona foni, sinthani chingwe, zambiri za pamsika n'zotchajira zokha. Ndipo muchite foni ili pa tchaja. Batire limene lagona m'sutikesi zaka ziwiri limatha kulemba 60 peresenti kenako n'kuzima mwadzidzidzi.

Chisomo_wa25
Ndaipeza fodayo! Mafoda a manambala alimo ambiri. Koma ndikadina fayilo, foni ikuti singathe kuitsegula. Kodi zawonongeka?

Tadala_IT
Sizinawonongeke asisi. Kafoniko sikadziwa kuimba `.opus` kunja kwa WhatsApp. Pa laputopu tsegulani ndi VLC, imaimba bwinobwino. Onaninso kukula kwa fayilo, ikakhala ya makilobaiti angapo kapena kuposa ndiye muli mawu. Ya `0 B` yokha ndi imene ili yopanda kanthu.

Gogo_Area18
Mwanawe, ukawapeza usathamangire kuwamvetsetsa amayi ako. Uwauze chabe kuti asungika bwino, tsiku adzasankha okha. Ine kaseti ya mawu a amuna anga inakhala zaka zinayi m'kabati.

Chisomo_wa25
Zikomo agogo, nditero.

Mphunzitsi_Likuni
Pali china chimene tonse tadumpha. Foni imene yabedwayo inali ndi loko? Chifukwa kusintha simu khadi sikutulutsa WhatsApp m'foni yakubayo. Wakubayo akalumikiza pa Wi-Fi kapena akaika simu yake, WhatsApp ya amayi ikugwirabe ntchito. Atha kulembera amayi a banki m'khonde kuti tumizani ndalama pa nambala iyi. Zinachitika ku mpingo kwathu.

Chisomo_wa25
Mayo ine. Inali ndi patani, koma yosavuta, ya chilembo L. Nditani?

Wa_Malangalanga
Aphunzitsi anena chinthu chachikulu kuposa zonse zimene ndalemba ine. Lero lomwe lembetsani nambala ya amayi pa foni ina, chifukwa ikangolembetsedwa kwina, ya wakubayo imatulutsidwa. Inu foni yanu ndi yanji?

Chisomo_wa25
Tecno Spark, ya Android 12.

Wa_Malangalanga
Yokwana. Mu WhatsApp yanu lowani mu `Settings`, kenako `Account`, muone `Add account`. Imalola manambala awiri pa foni imodzi. Ikasowa, ikani WhatsApp Business kuchokera ku Play Store, mulembetse nambala ya amayi kumeneko, yanu ikhale momwe ilili. Simu ya amayi siyofunika kuti ikhale m'foni mwanu. Isiyeni mu J1, uthenga wa manambala 6 ufikira kumeneko, inu mungowakopera. Manambala amenewo musauze munthu aliyense, ngakhale woimba foni n'kunena kuti ndi wa kukampani.

Mukalowa, pitani pa `Linked devices` mutulutse chilichonse chimene mungachipeze pamenepo, kenako muike `Two-step verification` ndi PIN imene amayi angaikumbuke. Ikakufunsani PIN imene simukuidziwa, mwina amayi anaiwala kapena wakubayo waika yake, mudikira masiku 7, koma iye amakhala atatulutsidwa kale pamene mwalowetsa manambala a pa uthenga aja.

Magulu onse abwerera okha, a Mvano, a banki, chifukwa umembala umasungidwa pa nambala, osati m'foni. Zimene sizibwerera zokha ndi mauthenga akale. Kulembetsaku kukuthandizaninso pa china: nambala ikakhala masiku 120 osalumikizika pa WhatsApp, akaunti imatha kufufutidwa, ndipo pamenepo mumatuluka m'magulu onse.

NaBanda_Kawale
Koma zimenezo ndiye kuti mwana aziwerenga mauthenga a amayi ake? Ku Mvano timakambirana zinthu zina zosayenera ana.

Chisomo_wa25
Amayi a ku Kawale, ndili ndi zaka 29, koma ndamva nkhawa yanu. Ndiwafunsa kaye eni ake. Vuto lenileni n'lakuti ine ndimachoka 6 koloko kupita ku Kanengo, kubwera mdima. Kasitomala akafuna chitenje masana, amayi sadziwa.

Mfana_wa_Biwi
Ndiye pamenepo agwiritse ntchito WhatsApp Web pa J1. Nambala ikhale pa Tecno, amayi atsegule `web.whatsapp.com` pa bulawuza ya J1, asankhe `Desktop site`, asisi asikane QR. Ine ndimatero pa foni yachiwiri.

Tadala_IT
Maganizo abwino aise, ndipo pa foni ya Android 7 kapena 8 zimatheka. Koma bulawuza ya pa KitKat nayonso inasiya kulandira maapudeti zaka zapitazo, tsambalo limangokuuza kuti ufune bulawuza yatsopano. Komanso J100H ili ndi RAM ya 512 MB yokha. Ayese, salipira kanthu, koma ndikukayika.

Mfana_wa_Biwi
Pali mabulawuza ena opepuka. Sindinayese pa KitKat koma sindikuvomereza kuti n'zosatheka.

Bambo_a_Tiya
Ine ndinganene za kale. Achemwali alembe pa sitetasi ya amayi komanso m'magulu kuti mwezi uno ofuna zitenje aziimba kapena kutumiza uthenga wamba. J1 kuimba ikuimba. Zithunzi za katundu watsopano aziika madzulo akaweruka. Malonda ankayenda WhatsApp isanabwere.

Mjoni_Kempton
Kapena asamukire ku Telegram, ndamva kuti siivuta pa mafoni akale.

Mphunzitsi_Likuni
Ngakhale italowa, asamuka ndi ndani? Amayi 30 a Mvano simungawasamutse chifukwa cha foni ya munthu mmodzi. Ndiponso ambiri amagula bando ya WhatsApp yokha, imeneyo siitsegula zina.

Chisomo_wa25
Ndabwerera. Amayi avomera, ndalembetsa pa WhatsApp Business. PIN sinafunse. Magulu abwera onse, ndipo palibe amene wadandaula kuti analandira uthenga wopempha ndalama, Mulungu ngwabwino. Pa `Linked devices` panalibe kanthu. Inafufuza bakapu pa Google Drive koma sinapeze, ndikuganiza chifukwa foni yanga ili ndi imelo yanga, osati ya amayi, ndipo ya amayiyo anawatsegulira ndi munthu wa pashopu, pasiwedi sitikuidziwa.

Foda ya J1 ndakopera pa memore khadi ndi pa laputopu ya kuntchito. Mavoisi a bambo ndapeza 14, ndamvetsera awiri ndalephera kupitiriza. Funso lotsala: mauthenga olemba a mu J1, tingawabwezeretse tikagula foni ina? Mu `Databases` muli fayilo `msgstore.db.crypt14` ndi ena a madeti.

Wa_Malangalanga
Mwachita bwino kwambiri. Fayilo imeneyo ndi mauthenga onse olemba, koma ndi yokhoma, laputopu singaiwerenge. Imatseguka pokhapokha WhatsApp ikuikidwa mwatsopano pa nambala yomweyo imene inaipanga. Mukagula foni, ikani WhatsApp koma musalembetse kaye. Koperani foda ija m'foni yatsopano. Pa Android 10 kutsika pansi imakhala pamwamba penipeni pa memore ya foni, ngati mmene ilili mu J1. Pa Android 11 kupita m'tsogolo malo ake ndi awa:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp
```

Mukatero lembetsani nambala. Ikaipeza fayilo ikufunsani `Restore`. Funso limeneli limabwera kamodzi kokha, mukadumpha muyenera kuchotsa WhatsApp n'kuyambiranso.

Dziwaninso kuti siiphatikiza. Mukabwezeretsa za 2023, mauthenga a mwezi uno amene akulowa pa Tecno yanu satsatira. Ndiye nkhani za ngongole za makasitomala ndi za banki m'khonde muzilemba m'kope.

Tadala_IT
Ine apa ndikayikako pang'ono, akulu. Ndinayesa fayilo ya zaka ziwiri pa foni ya msuweni wanga, malo oyenera, nambala yomweyo, inafika pakati n'kunena kuti yalephera kubwezeretsa. Sindinapeze chifukwa chake.

Wa_Malangalanga
Zimachitika, sindikutsutsa. Kwa ine zatheka kangapo, zakanikanso kangapo, makamaka nambala ikakhala kuti inadutsa m'mafoni ena pakati. Ikakana, yesani ina mwa mafayilo a madeti aja, muisinthe dzina likhale `msgstore.db.crypt14`, nthawi zina yomaliza ndi imene imakhala yoduka. N'chifukwa chake ndinati tiyambe ndi mavoisi, amene sadalira mwayi.

Gogo_Area18
Nanga pogula inayo, ana inu, munthu angadziwe bwanji kuti sagulanso yotha nthawi? Yanga anandigulira mdzukulu, sindidziwa kuti ili pati.

Wa_Malangalanga
Agogo, auzeni adzukulu aone pa `Android version` monga tinachitira poyamba paja. Kwa ogula yakale pamsika, musakhulupirire zolembedwa pa bokosi kapena pakamwa pa wogulitsa, tsegulani nokha `Settings`. Komanso WhatsApp imene mwaipeza ili kale m'foni si umboni, itha kukhala yakale yongotsala masiku. Lumikizani pa hotisipoti ya foni yanu, mutsegule Play Store, muone ngati ikulola `Install` kapena `Update`. Mafoni ena achinyengo amalemba Android yapamwamba pa `Settings` pamene m'kati ndi yakale, ndipo Play Store ndi imene imawaulula.

Musagule ya Android 5 kapena 6 chifukwa yatchipa. Malire amakwera: mu 2020 inagwa Android 2.3, mu 2021 inagwa 4.0, mu 2023 inagwa 4.4. Amene ali pamzere tsopano mukuwaona nokha. Ine kasitomala wanga ndimamuuza kuti asatsike pa Android 10, ndipo RAM isachepere 2 GB.

Bambo_a_Tiya
Android 10 ndi maganizo a munthu wa ndalama. Ya 8 ikhoza kutumikira mayi zaka zingapo, ndipo kusiyana kwa mtengo ndi thumba la ufa.

Wa_Malangalanga
Mwina mukulondola madala, tsiku limene 8 idzagwe palibe angalinene pano. Koma mafoni a 8 amene amabwera pa tebulo langa ambiri batire linatupa ndipo memore ndi 8 GB kapena 16 GB, magulu a mpingo amaidzaza mwezi umodzi. Muwerengerenso zimenezo.

Chisomo_wa25
Amalume a ku Joni alonjeza kuwonjezera ndalama kumapeto a mwezi, ndiye tiona imene tingakwanitse, ndikagula ndidzafunsanso pano ndisanadine `Restore`. J1 amayi akuimbira. A ku Biwi, WhatsApp Web ndayesa pa bulawuza ziwiri, ina ikungoonetsa tsamba loyera, ina ikuti ndifune yatsopano. Ngati muli ndi dzina la ina yopepukayo, lembani ndiyese mawa.

Mfana_wa_Biwi
Ndifunsa mnzanga ali ndi S3 m'nyumba, tiyesere kaye pa yake.